Mmene mungatumizire maimelo okha kuchoka ku adiresi yakale kupita ku yatsopano osataya ngakhale imodzi

Munthu akasamuka nyumba, makalata amapitirizabe kufika pakhomo lakale kwa miyezi yambiri. Imelo nayonso ndi chimodzimodzi. Mukatsegula adiresi yatsopano kwa kampani ina, banki, abale, sukulu ndi masitolo a pa intaneti amalembabe ku adiresi imene anaizolowera. Choncho mufunika kulamula bokosi lakale kuti imelo iliyonse ikangofika liziipititsa lokha ku bokosi latsopano. Kutchera zimenezi kumatenga mphindi khumi zokha, koma pali maimelo ena amene sawoloka, ndipo palibe amene amakudziwitsani kuti atsalira. Malangizo awa akutsata chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza: kuchoka ku Gmail kupita ku Outlook.com. Tigwiritsa ntchito maadiresi ongopeka awa, `adiresi.yakale@gmail.com` ndi `adiresi.yatsopano@outlook.com`.

Musanakhudze chilichonse

Choyamba dziwani kuti amene amagwira ntchito yopititsa maimelo ndi bokosi lakale. Imelo imayamba yafika kaye kumeneko, kenako seva ya kampani yakaleyo imatumiza kope lake ku adiresi yatsopano. Akaunti yakale ikatsekedwa, ikadzaza kapena ikafufutidwa, zonse zimaima tsiku lomwelo. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa: amatchera zopititsa maimelo, amaona kuti zikuyenda, kenako amafufuta akaunti yakale poganiza kuti ntchito yatha. Kuyambira pomwepo aliyense wolembera ku adiresi yakale imelo yake imamubwerera.

Ngati adiresi yanu yakale munapatsidwa ndi kampani yogulitsa intaneti, kuntchito kapena kusukulu, funsani kaye kuti idzakhalapo kwa masiku angati mukasiya kulipira kapena mukachoka. Yankho lake ndilo likuuzeni nthawi imene muli nayo. Dziwaninso kuti si makampani onse amene amalola zimenezi mwaulere. Yahoo inasiya kupititsa maimelo okha pa maakaunti aulere pa 1 Januwale 2021, ndipo amene akufuna amayenera kulipira. Maakaunti a kuntchito a Microsoft 365 nthawi zambiri amakhala otsekedwa kuti asapititse maimelo kunja kwa bungwe, ndipo mukayesa mumalandira uthenga wokana wokhala ndi nambala `550 5.7.520`. Pamenepo palibe batani limene mungadine nokha, koma amene amayang'anira makompyuta a bungwelo ndiye angatsegule.

Pa Gmail yang'anani malo otsala. Akaunti yaulere ili ndi magigabaiti 15, ndipo malowa amagawana Gmail, Google Drive ndi Google Photos. Akadzaza, bokosi limasiya kulandira maimelo, ndiye palibenso choti lipititse. Ngati mwagwiritsa kale ntchito magigabaiti 14, chotsani kaye zinthu zolemera. Lembani `larger:10M` pamalo ofufuzira, ndipo muona maimelo onse oposa mamegabaiti 10. Fufutani osafunika, kenako tsanulaninso foda ya `Trash`, chifukwa zimene zili mmenemo zimadyabe malo.

Kutchera pa Gmail

Chitani izi pa kompyuta, mu burawuza. Pulogalamu ya Gmail ya pafoni ilibe malo amenewa, choncho musataye nthawi kuwasakasaka.

1. Lowani mu akaunti yakale, dinani kachizindikiro ka giya kumwamba kudzanja lamanja, kenako `See all settings`.
2. Tsegulani tsamba la `Forwarding and POP/IMAP`.
3. Dinani `Add a forwarding address`, lembani adiresi yatsopano, kenako `Next` ndi `Proceed`. Google ikhoza kukufunsani kuti mutsimikize kuti ndinu mwini akaunti, mwina pokutumizirani uthenga pafoni. Imachita zimenezi chifukwa akuba akathyola akaunti amakonda kutchera njira yomweyi kuti aziwerenga makalata a mwiniwake mobisa.
4. Pitani ku bokosi latsopano. Mupeza uthenga wochokera ku `forwarding-noreply@google.com` wokhala ndi linki yotsimikizira. Mukapanda kuuona, yang'anani ku `Other` ndi ku `Junk Email`. Dinani linkiyo n'kuvomereza.
5. Bwererani ku Gmail, tsegulaninso tsamba lomwe lija kuti lidziwe kuti mwavomereza, kenako sankhani `Forward a copy of incoming mail to` ndipo onetsetsani kuti adiresi yatsopano ikuoneka pambali pake.
6. Tsikirani pansi penipeni n'kudina `Save Changes`.

Masitepe awiri omalizawa ndi amene anthu amaiwala. Kudina linki yotsimikizira kumangoika adiresi pamndandanda wa ovomerezeka, sikuyambitsa ntchito. Kadontho kamakhalabe pa `Disable forwarding` mpaka mutakasuntha nokha ndi kusunga. Zikatheka, Gmail imaika chidziwitso pamwamba pa bokosi chonena kuti maimelo akupititsidwa kwina, ndipo chimakhalapo kwa mlungu umodzi. Mukapanda kuchiona, bwererani mukaonenso.

Pambali pa adiresi yatsopano pali kabokosi kena kofunsa zoti Gmail ichite ndi kope lake ikatha kupititsa imelo. Zosankha zilipo zinayi: kulisiya mu bokosi, kulichonga ngati lowerengedwa, kulisunga kumbali, kapena kulifufuta. Sankhani `keep Gmail's copy in the Inbox`. Musasankhe `delete Gmail's copy`, ngakhale mukufunitsitsa kuti bokosi lakale likhale lopanda kanthu. Chifukwa chake n'chakuti kampani yatsopano ikakana imelo ina, kope la ku Gmail ndilo lokhalo limene latsala. Mukalamula kuti lizifufutidwa limapita ku `Trash`, ndipo pakatha masiku 30 limatheratu.

Kuyesa

Poyesa gwiritsani ntchito adiresi yachitatu, kaya ya mnzanu kapena ya kuntchito. Mukadzilembera kuchokera ku Gmail yomweyo, kapena kuchokera ku adiresi yatsopano, imeloyo imazungulira n'kubwerera kumene yachokera, ndipo maseva ena akaona kuti ali nayo kale amaibisa. Mukhoza kuganiza kuti zakanika pamene zili bwinobwino. Pemphani mnzanuyo atumize maimelo awiri, ina ya mawu okha, ina yokhala ndi chithunzi kapena fayilo. Kawirikawiri zimafika pasanathe mphindi imodzi kapena ziwiri.

Imelo yopititsidwa motere sifanana ndi imene munthu wakutumizirani pamanja. Ilibe `Fwd:` pamutu, dzina la wotumiza ndi la mwini kalata weniweni, ndipo pamalo a wolandira pamalembedwabe adiresi yanu yakale. Mukayankha muli mu Outlook.com, yankho limapita kwa mwini kalatayo kuchokera ku adiresi yanu yatsopano. Zimenezi n'zabwino, chifukwa akadzayankhanso adzalembera kumalo atsopano osauzidwa.

Siyanitsani odutsira ku adiresi yakale

Sitepe iyi ambiri amaidumpha, koma ndi imene imathandiza kuti kusamuka kufike pamapeto. Maimelo opititsidwa akasakanikirana ndi ena onse, simudziwa kuti ndani akugwiritsabe ntchito adiresi yakale, ndipo mudzadalira bokosi lakale mpaka kalekale.

Gmail imaika chizindikiro chobisika pa imelo iliyonse imene yapititsa. Tsegulani imelo yoyesera ija mu Outlook.com, dinani timadontho titatu, kenako `View` ndi `View message source`. Pakati pa mizere yambirimbiri mupeza yofanana ndi iyi:

```
X-Forwarded-To: adiresi.yatsopano@outlook.com
X-Forwarded-For: adiresi.yakale@gmail.com adiresi.yatsopano@outlook.com
```

Tsopano pangani foda yatsopano, muitche dzina ngati Zakale. Pitani ku `Settings`, `Mail`, `Rules`, `Add new rule`. Pa chofunika kukwaniritsidwa sankhani `Message header includes` n'kulemba `adiresi.yakale@gmail.com`, ndipo pa chochita sankhani `Move to` ndi foda ija. Lamulo loyang'ana mizere yobisikayi limaposa loyang'ana dzina la wolandira lokha. Maimelo a m'magulu, ndi amene munthu anakuikani pa `Bcc`, sasonyeza adiresi yanu pamalo a wolandira, koma mzere wa `X-Forwarded-For` umakhalapo pa onse.

Kuyambira pamenepo foda ya Zakale ndi mndandanda wa ntchito imene yatsala. Chilichonse chogwera mmenemo chikuchokera kwa munthu kapena kampani imene simunaiuze za adiresi yatsopano.

Maimelo amene sawoloka

Pali mitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi chifukwa chake.

Woyamba ndi maimelo amene Gmail yawaganizira kuti ndi achinyengo kapena osafunika. Zonse zogwera mu foda ya `Spam` sizipititsidwa, ndipo zimafufutika zokha pakatha masiku 30. Nthawi zambiri Gmail imalondola, koma nthawi zina imaponya mmenemo lisiti, uthenga wosinthira mawu achinsinsi, kapena kalata ya munthu amene akukulemberani koyamba. Kale munkatha kuziona chifukwa munkalowa m'bokosimo tsiku lililonse, koma tsopano simukulowamo. Choncho kwa miyezi iwiri yoyambirira muzilowa kamodzi pa mlungu n'kuyang'ana fodayo. Mukapeza wotumiza wofunika, mupangireni sefa: dinani kachizindikiro kotsegula zosankha pamalo ofufuzira, lembani adiresi yake pa `From`, dinani `Create filter`, kenako chongani `Never send it to Spam`. Ena amapanga sefa imodzi yotere yokhudza maimelo onse kuti chilichonse chiziwoloka. Ife sitilimbikitsa zimenezo. Zinyalala zonse zimene Gmail inkatchinga zimakhuthukira ku bokosi latsopano, ndipo sefa ya kumeneko ikaona zinyalala zambiri zikudzera njira imodzi imayamba kukayikira ngakhale maimelo abwino odzera njira yomweyo.

Mtundu wachiwiri ndi wovutirapo kuumvetsa, koma ndi umene umasowetsa maimelo ofunika kwambiri, monga a kubanki. Kampani yatsopano ikalandira imelo imafuna kutsimikiza kuti yachokeradi kwa amene akudzitchula. Imagwiritsa ntchito njira ziwiri. Njira ya SPF imafunsa ngati seva imene yabweretsa imeloyo ili pamndandanda wa maseva ololedwa kutumiza m'dzina la wotumizayo. Imelo yopititsidwa imabwera ndi seva ya Google, osati ya banki, ndiye njira imeneyi singathe kuchitira umboni banki. Gmail imasintha adiresi yobwezera ya pa envelopu kuti ikhale yake, ndipo mukayang'ana mizere yobisika muona zonga izi:

```
Return-Path: adiresi.yakale+caf_=adiresi.yatsopano=outlook.com@gmail.com
```

Zikatero SPF imavomereza, koma ikuvomereza dzina la `gmail.com`, pamene dzina looneka pa imelo ndi la banki. Umboni wotsala ndi wa njira yachiwiri, DKIM, imene ili ngati chidindo chimene wotumiza amadinda pa kalatayo. Chidindochi chimayenda ndi kalata kulikonse, ndipo chimagwirabe ntchito bola kalatayo isasinthidwe panjira. Pamwamba pa ziwirizi pali lamulo lotchedwa DMARC, limene mwini dzina amalengeza zoti zichitike ndi imelo yolephera maumboni onse awiri. Ngati analemba `p=reject`, ndiye kuti akulamula kuti ikanidwe.

Tanthauzo lake kwa inu ndi ili: wotumiza amene amadinda maimelo ake moyenera adzawoloka popanda vuto. Koma amene amadalira SPF yokha, kapena chidindo chake chili ndi dzina la kampani ina imene imamutumizira makalata, imelo yake imafika bwino ku Gmail kenako n'kukanidwa kapena kuponyedwa ku `Junk Email` ikafika ku bokosi latsopano. Kuti mudziwe, fufuzani mzere woyamba ndi `Authentication-Results` pa imelo imene yagwera ku `Junk Email`. Mukaona `dkim=pass` ndi `dmarc=pass`, umboni uli bwino ndipo sefa yangolakwitsa, choncho iuzeni kuti imeloyo si yoipa. Mukaona `dkim=none` kapena `dkim=fail` limodzi ndi `dmarc=fail`, vuto lili kwa wotumiza ndipo inu simungalikonze. Mankhwala ake ndi amodzi okha, kupita kwa wotumizayo n'kusintha adiresi kuti azilembera ku bokosi latsopano mwachindunji.

Mtundu wachitatu ndi maimelo olemera. Gmail imalandira imelo yofika mamegabaiti 50, koma si makampani onse amene amalola kukula kotero. Yoposa malire a bokosi latsopano imatsalira ku Gmail.

Kuwerengera pakatha mlungu

Popeza maimelo otsalira sachita phokoso, muyenera kuwafufuza nokha. Pakatha masiku 7, lowani mu Gmail n'kulemba izi pamalo ofufuzira:

```
newer_than:7d in:anywhere -in:sent -in:drafts
```

Mawu akuti `in:anywhere` amachititsa kuti `Spam` ndi `Trash` ziwerengedwe nawo. Gmail imaunjika maimelo oyankhana kukhala mzere umodzi, choncho yerekezerani mitu ndi mayina a otumiza m'malo mongodalira chiwerengero cha pamwamba.

Tiyerekeze kuti mwapeza maimelo 64 ku Gmail, pamene mu foda ya Zakale muli 41 okha. Akusowa 23. Mukatsegula `Spam` ya Gmail mupeza 17, ndipo mwa amenewa 16 ndi zinyalala zenizeni koma imodzi ndi lisiti ya sitolo ina ya pa intaneti. Imeneyo ipangireni sefa ija. Atsala 6. Mu `Junk Email` ya Outlook.com mupeza 4, ndipo mizere yobisika ikusonyeza `dmarc=pass` pa atatu, amene mungowachotsa mmenemo, ndi `dmarc=fail` pa imodzi. Atsala awiri amene sakuoneka paliponse ku bokosi latsopano. Mukawayang'ana ku Gmail, ina ndi yolemera mamegabaiti 40, ina ndi chidziwitso cha inshulansi chochokera kwa wotumiza amene sadinda maimelo ake. Pamenepa mwadziwa zochita: wa inshulansi ndi wa `dmarc=fail` uja musinthe adiresi kwa iwo lero lomwe, chifukwa maimelo awo apitiriza kusokonekera. Mukanasankha kuti Gmail izifufuta kope lake, awiri omalizawa akanakhala mu `Trash` akudikira kutha, inu osadziwa n'komwe kuti anabwerapo.

Musapange chizungulire

Onetsetsani kuti bokosi latsopano silikubwezanso maimelo ku lakale. Zimachitika kwa anthu amene anatsegula akaunti ya Outlook.com kalekale n'kuitchera kuti izipititsa zonse ku Gmail, kenako anaiwala. Mabokosi awiriwa amayamba kuponyerana imelo imodzi mpaka seva ina itaikana chifukwa chodutsa malo ambiri, ndipo uthenga wokana umakhala ndi nambala ngati `5.4.6` kapena `5.4.14`. Yang'anani ku `Settings`, `Mail`, `Forwarding` mu Outlook.com, ndipo onaninso malamulo akale pa `Rules`.

Maimelo akale

Zonse tafotokozazi zimakhudza maimelo atsopano okha, ofika mutadina kale `Save Changes`. Amene anali m'bokosi kale sasuntha. Njira yodalirika yowasamutsira ndi pulogalamu ya pa kompyuta ngati Thunderbird: ikanimo maakaunti onse awiri kudzera pa IMAP, njira yolumikizira pulogalamuyo ndi bokosi la imelo, sankhani maimelo a mu foda imodzi, kenako gwiritsani ntchito lamulo lokopera, osati losamutsa, kuti intaneti ikaduka pakati musataye kanthu. Koperani mazana ochepa nthawi imodzi. Kumbukirani kuti ku Gmail imelo imodzi ikhoza kukhala ndi zizindikiro zingapo ndipo imaoneka m'mafoda angapo, komanso yonse imapezekanso mu `All Mail`. Mukakopera mafoda onse pamodzi ndi `All Mail`, imelo iliyonse ifika kawiri kapena katatu. Sankhani chimodzi. Ngati mukungofuna kusunga, Google Takeout imakupatsani maimelo onse mu fayilo ya `.mbox` imene mungaike pa kompyuta.

Kuchotsa anthu pa adiresi yakale

Yambani ndi maakaunti amene amagwiritsa ntchito imelo pokubwezerani mawu achinsinsi: banki, maakaunti olipirira zinthu, malo ochezera a pa intaneti, ndi akaunti ya foni yanu. Ambiri mwa amenewa amatumiza uthenga wotsimikizira ku adiresi yakale asanalole kusintha, n'chifukwa chake ntchitoyi iyenera kuchitika bokosi lakale lidakali lamoyo. Onaninso akaunti yatsopanoyo: ngati munaika adiresi yakale ngati yobwezeretsera akaunti, aliyense wothyola yakale akhoza kufikira ndi yatsopano. Pa chifukwa chomwechi musasiye akaunti yakale ndi mawu achinsinsi ofooka. Siyani chitetezo cha masitepe awiri chili choyatsa, ndipo nambala ya foni ikasintha kaisintheninso kumeneko.

Kwa anthu, Gmail ili ndi yankho lodziyankha lokha pa `General`, pansi pa `Vacation responder`. Lembani mawu ochepa onena kuti adiresi yasintha, ndipo chongani kabokosi kolola kuti yankholo lizipita kwa anthu a mu `Contacts` okha, kuti otumiza zinyalala asapatsidwe adiresi yanu yatsopano. Munthu mmodzi akalemba kangapo, Gmail imamuyankha kamodzi pa masiku anayi, choncho simumutopetsa. Yankholi limagwira ntchito limodzi ndi kupititsa maimelo popanda kusokonezana.

Siyani njirayi ikugwira ntchito kwa miyezi yosachepera 13. Pali otumiza amene amalemba kamodzi pachaka, monga okumbutsa za inshulansi, laisensi kapena malipiro a pachaka, ndipo simungawakumbukire mpaka ataonekera mu foda ya Zakale. Mwezi wowonjezerawo ndi wa amene amachedwa. Pa nthawi yonseyi muzilowabe mu akaunti yakale. Google ikhoza kufufuta akaunti imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito, ndipo musadalire kuti maimelo ongodutsa okha akuwerengedwa ngati kuigwiritsa ntchito. Ikani chikumbutso pa kalendala kuti miyezi itatu iliyonse mulowe, muyang'ane `Spam`, muone malo otsala, komanso mutsimikize kuti kadontho kadakali pa `Forward a copy of incoming mail to`.

Miyezi 13 ija ikatha, ndipo foda ya Zakale ikakhala miyezi itatu ikulandira zotsatsa malonda zokha, mukhoza kuzimitsa posankha `Disable forwarding` n'kudina `Save Changes`. Akaunti yeniyeniyo, ngati ndi yaulere, ndi bwino kuisiya ilipo. Adiresi ya Gmail ikafufutidwa sipatsidwanso kwa munthu wina aliyense, ngakhale inuyo simungailembetsenso, ndipo tsiku limene mudzakumbukire akaunti ina yakale imene imatumiza mawu achinsinsi kumeneko mudzafunika bokosilo likutsegukabe.